Kusiya ntchito, kupuma pantchito kapena kutula pansi udindo?

Funso: Ndine mphunzitsi pasukulu ina yoima payokha ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Ndapeza malo ku Nalikule College of Education, ndipo m'kalata yopita kwa ahedi ndalemba kuti, "Ndatula pansi udindo wanga ndipo ndapuma pantchito kuti ndipitirize maphunziro." Mnzanga akuti Chichewachi n'cholakwika. Chalakwika pati?

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo wakuthandizani, musamukwiyire. Chiganizochi chikumveka bwino m'khutu, koma chikunena zinthu ziwiri zimene inu simukuchita.

Munthu amapuma pantchito akakwanitsa zaka, kapena thupi likakana, ndipo chimene amayembekezera ndi penshoni. Inu mukadali ndi mphamvu, mukungolowera kwina. Kutula pansi udindo nako kumayenera munthu amene anasenzetsedwa mpando, monga mphunzitsi wamkulu, wachiwiri wake kapena wapampando wa komiti ya sukulu. Ahedi akhoza kutula pansi udindo Lachisanu, Lolemba n'kupezeka ali m'kalasi ndi choko m'manja, chifukwa atula mpando wokha, ntchito akadali nayo. Mawu anu ndi akuti kusiya ntchito. Ena amawathawa poganiza kuti ndi owuma, koma ine sindionamo mwano uliwonse, ndipo amene adzasunge kalatayo mufayilo sadzafunsa kawiri chimene munkatanthauza.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi ya mneni. Mukalemba kuti "ndasiya", mwanena kuti zachitika kale, kutanthauza kuti kuyambira tsiku limene kalata yalembedwa ana a m'kalasi mwanu alibe mphunzitsi. Olemba ntchito akhoza kuwerenga zimenezo ngati kuchoka popanda notisi. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo muonenso zimene zili m'kalata imene anakulemberani ntchito. Choncho lembani "ndidzasiya", ndipo tsiku likhalepo m'manambala. Mawu ngati "posachedwapa" kapena "teremu ikatha" ndi abwino pocheza pansi pa mtengo, koma amene akuwerengera malipiro anu omaliza akufuna tsiku.

Pa "ndipitirize" onjezerani kamphatikiram'kati -ka-, pakhale "ndikapitirize". Kameneka ndiko kamasonyeza kuti mukupita kwina kukachita zimenezo. Popanda iko, chiganizo chikumveka ngati maphunzirowo mukhala mukuchitira pasukulu pomwepo.

Mukalemba keyala yanu, tsiku, keyala ya wolandira ndi malonje akuti "Wokondedwa Bambo" kapena "Wokondedwa Mayi", monga mumaphunzitsira ana pa kalata yantchito, zotsalazo zikhoza kuyenda motere. Ndayerekeza kuti mwalemba pa 30 Seputembala.

KUSIYA NTCHITO YA UPHUNZITSI

Ndalemba kalatayi pofuna kukudziwitsani kuti ndidzasiya ntchito ya uphunzitsi pasukulu pano pa 31 Okutobala. Ndapeza malo ku Nalikule College of Education, kumene ndikukapitiriza maphunziro a zauphunzitsi. Kalatayi ikhale notisi yanga ya mwezi umodzi.

Tsikulo lisanafike ndidzapereka rejisitala, masikimu, mabuku a sukulu ndi malikisi a ana kwa mphunzitsi amene mudzandiuze. Ndikuthokoza chifukwa cha upangiri wanu ndi mgwirizano umene ndaupeza pakati pa aphunzitsi anzanga.

Ine wanu wokhulupirika,

Pansi pake musayine, kenako mulembe dzina lanu lonse.

Taonani kuti ndalemba "kukudziwitsani", sindinalembe "kukupemphani". Ife Achewa timakonda kupempha ngakhale pamene taganiza kale, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma mukalemba kuti "ndikupempha kuti mundilole kusiya ntchito", mwapereka mpata woti ayankhe kuti dikirani mayeso athe, pamene kukoleji akukuyembekezerani. Ulemu wanu uonekere pa -ni wa "kukudziwitsani", pa mawu othokoza ndi pa kusiya zinthu m'malo mwake. Pakamwa, mukalowa muofesi kukapereka kalatayo, mukhoza kutsanzika mofatsa monga mwa mwambo wathu.

Aphunzitsi a m'boma amene akuwerenga izi asathamangire kukopera kalatayi. Ngati cholinga n'choti akamaliza digiri adzabwerere pantchito yomweyo, chimene akufuna ndi tchuthi chokaphunzira, ndipo m'kalata imeneyo ndimo muyenera kulowa "ndikupempha", chifukwa akhoza kuloledwa kapena kukanizidwa. Kalata yawo imadzera kwa ahedi isanapite ku ofesi ya zamaphunziro, n'chifukwa chake pakeyala amalembapo "Kudzera mwa Mphunzitsi Wamkulu". Inu a ku Area 25, kalata yanu ikupita kwa ahedi mwachindunji, choncho mzere umenewo musaulembe.