Buloka yomweyomweyo m'mawa uliwonse pa sitandapu, titani nayo?

"Moni akulu. Ine ndimatsogolera katimu ka anthu 6 kopanga sofutiweya, ndipo timapanga sitandapu m'mawa uliwonse, kamsonkhano ka mphindi 15 kouzana pomwe ntchito yafika. Vuto ndi loti munthu amanena kuti wabulokedwa, tonse timangogwedeza mutu, mawa anenanso zomwezo, mkuja zomwezonso. Tikati tikambirane pompo, timapezeka tatha mphindi 40. Kodi mabuloka amenewa tiziwalemba pati, tiziwakweza liti kwa mabwana, nanga timadziwa bwanji kuti atha?"

Zikomo achimwene. Ine ndikuona ngati buloka yanuyo ilibe mwini wake, basi. Aliyense waimva, aliyense akuganiza kuti mnzake ndi amene aitsatire, ndiye imangogona pomwepo mpaka mawa. Pajatu mphindi 15 kugawa kwa anthu 6 ndi mphindi ziwiri ndi theka aliyense, ndiye palibe vuto lenileni lomwe mungalithetse mu nthawi imeneyo, musayese n'komwe. Chomwe sitandapu ingakwanitse ndi kuonetsetsa kuti buloka yatuluka m'chipindamo ili ndi dzina la munthu komanso ola. Zimenezi zimatenga masekondi 30 kapena 40 ngati mwazolowera.

Koma tiyambe tasiyanitsa kaye, chifukwa si zonse zomwe anthu amati buloka zili buloka. Wina akati "kodi yakeyi ndi yovuta, ikundidyera nthawi", ameneyo sanabulokedwe, ntchito yangomulimbira, mupezereni mnzake akhale naye limodzi sitandapu ikatha. Buloka yeniyeni ndi pamene munthu sangapite patsogolo ngakhale atalimbikira bwanji, chifukwa chomwe akudikira chili m'manja mwa wina: chilolezo cholowera pa seva, yankho la kasitomala, chiganizo cha bwana, ntchito ya timu ina. Funso lomwe ine ndimafunsa ndi limodzi, "ukanakhala wekha tsiku lonse lero, ukanaimaliza?" Akati eya, si buloka. Akati ayi, ndikudikira uje, timalemba.

Ndikupatseni nkhani ina yomwe inatichitikira pa timu yomwe ndinkagwira nayo, mwina zimveka bwino kusiyana ndi kungoyala malamulo. Linali Lachiwiri, sipulinti, nyengo yaifupi yomwe timu imadziikira kuti imalize ntchito zomwe yasankha, ikutha Lachisanu. Mtsikana wathu wa matesiti anati sangayese gawo lolipirira chifukwa setifiketi ya seva yoyeserera inali itatha nthawi yake, apu ikukana kulumikizana. Sevayo sinali yathu, inali m'manja mwa timu ina yoyang'anira maseva. Mnyamata wina wa bakiendi anayamba pompo kufotokoza mmene masetifiketi amagwirira ntchito komanso njira zozembera, ndinamudula, ndinati zimenezo tikambirana tikamaliza, otsala atsale awiri okha. Kumudula munthu kumaoneka ngati mwano poyamba, koma mukagwirizana kale ngati timu kuti umu ndi mmene tizichitira, palibe amadandaula.

Tinalemba pa khadi la ntchitoyo, osati m'kabuku kanga, osati pa gulu la macheza pomwe uthenga umakwiririka pofika masana. Pa khadi penipenipo, pa bolodi yomwe tonse timaiyang'ana. Zinali chonchi:

```
BULOKA (Lachiwiri 09:05)
Chavuta: setifiketi ya seva yoyeserera yatha, matesiti olipirira aima
Tikudikira: timu ya maseva
Wotsatira: wa bakiendi
Tionenso: lero 14:00
```

Mzere wa "wotsatira" ndiye mtima wa nkhani yonseyi. Wotsatira si amene akonze vutolo, ayi, ndi munthu wa mu timu yanu amene avutitse okonzawo mpaka zitheke. Akhale mmodzi, dzina limodzi. Mukalemba kuti "timu" kapena maina awiri mwabwerera pomwe munali paja. Ndipo nthawi zambiri ndibwino asakhale wobulokedwayo, iyeyo apite akagwire khadi lina, komanso ngati ndi wachichepere pa ntchito amachita manyazi kugogoda kawiri pa khomo la timu ina. Sizikutanthauzanso kuti wotsatira azikhala inu nthawi zonse. Buku la Scrum Guide, lofotokoza kagwiridwe ka ntchito ka Scrum, limanena kuti sikiramu masita, amene amathandiza timu kutsata njira imeneyi, aonetsetse kuti zotchinga zachotsedwa, silinena kuti azichotsa yekha chilichonse ndi manja ake.

Ngati mumagwiritsa ntchito Jira, pulogalamu yoikamo bolodi ndi makhadi a ntchito, pali `Add flag` pa khadi, limasintha mtundu n'kukhala lachikasu moti aliyense amaliona ali patali, ndipo mukafuna onse obulokedwa pamodzi mumasaka ndi `Flagged = Impediment`. Ngati bolodi yanu ndi yapakhoma, kapepala kofiira pamwamba pa khadi kakwana. Chomwe sindimakonda ine ndi kolamu yapadera ya mabuloka. Khadi likasamukira kumeneko limaiwalika kuti linali pa siteji iti, ndipo kolamuyo imasanduka manda, anthu amasiya kuiyang'ana. Lisiyeni pomwe laimapo, lizinyansa m'maso.

Tsopano zokweza. Apa ndi pomwe matimu ambiri amagwa chifukwa kukweza nkhani kumamveka ngati kukaneneza mnzako kwa abwana, ndiye anthu amadikira, amadikira, mpaka tsiku lomaliza kenako n'kuphulika. Mankhwala ake ndi kugwirizana nthawi isanafike, vuto lisanabwere. Ife tinagwirizana kuti buloka ikamveka pa sitandapu kachiwiri popanda chosintha, imakwera sitepe imodzi tsiku lomwelo, palibe kufunsana ngati tikweze kapena ayi. Lamulo limeneli ndi lathu, si la m'buku lililonse, inu mukhoza kuika masiku awiri ngati ntchito yanu ndi yoyenda pang'onopang'ono. Chachikulu n'choti ikhale nambala yodziwika kwa onse, kuti pokweza musamaoneke ngati mwakwiya, mwangotsata zomwe munapangana.

Kwa ife zinayenda chonchi. 14:00 itakwana wa bakiendi anayang'ana, tikiti yomwe anatsegula kwa a maseva inali isanagwiridwe, anawalembera mwachindunji, anayankha kuti aiona. Lachitatu m'mawa pa sitandapu tinayambira pa khadi lachikasulo tisanapite kwa wina aliyense, funso linali lalifupi, chasintha n'chiyani kuchokera dzulo? Palibe. Ndiye ndinaitenga ine kupita kwa mtsogoleri wa timu ya maseva. Osati kwa bwana wamkulu wa onse, mwamva, sitepe imodzi yokha. Mukalumpha n'kukafika pamwamba nthawi yomweyo, buloka ya lero ithadi, koma mwadzipangira adani omwe mudzawafune mwezi wamawa.

Uthenga wake ndinaulemba motere, ndipo mawu ake ndi ofunika: "Setifiketi ya seva yoyeserera inatha, matesiti a gawo lolipirira aima kuyambira dzulo 9 koloko. Makhadi atatu akudikira pamenepa ndipo tikuyenera kutulutsa Lachisanu. Tikiti tinatsegula dzulo. Tikupempha ikonzedwe pofika 12 koloko lero, ngati sizitheka mutiuze kuti tichotse gawoli mu sipulinti ino." Onani kuti mulibe dzina la wolakwa, mulibe "mwachangu chonde" wopanda ola. Muli chomwe chaima, mtengo wa kudikira, chomwe tayesa kale, chomwe tikupempha, ndi chomwe tichite akakana. Kachiganizo komalizako kamagwira ntchito kwambiri, chifukwa munthu amaona kuti kusayankha nakonso kuli ndi zotsatira zake, ndipo mwini pulodakiti, amene amasankha ntchito zoyenera kuyamba, ndinamuika pa uthenga womwewo popeza kuchotsa ntchito mu sipulinti kumamukhudza iyeyo.

11 koloko isanakwane anayankha kuti zatheka, tikiti yawo anaitseka. Wa bakiendi mosangalala anachotsa fulagi pa khadi. Apa ndi pomwe tinalakwitsa.

Lachinayi m'mawa mtsikana wa matesiti uja akuti, aaa, zikukanabe. Dzulo masana anali pa khadi lina, sanayese, ndipo poona kuti chikasu chachoka aliyense ankaganiza kuti zili bwino. Titafufuza tinapeza kuti setifiketi yatsopano anaiikadi pa seva, koma pulogalamu ya sevayo sanaiyambitsenso, ndiye inkaperekabe yakale ija. Zinangotengera lamulo limodzi kuti tione:

```
echo | openssl s_client -connect test.example.com:443 \
  -servername test.example.com 2>/dev/null | openssl x509 -noout -enddate
```

Mzere wa `notAfter` unkaonetsa deti lakale lomwe lija. Kukonza kwake kunali kwa mphindi zochepa, koma tinataya theka la tsiku chifukwa chotseka msanga. Kuyambira pamenepo tinapangana kuti buloka amatseka ndi amene anabulokedwa, atayesa yekha n'kuona kuti ntchito yake ikuyenda. Wokonza akati "zatheka" ndiye kuti yakwana nthawi yoyesa, fulagi ikhale pomwepo kaye. Ndipo wotsatira ntchito yake siithera pa kulandira uthengawo, amapita kwa wobulokedwa n'kumuuza kuti tayesa pano, usadikire mawa. Potseka timalemba mzere umodzi, chomwe chinakonzedwa ndi nthawi yake, kenako pa sitandapu yotsatira amangoti "ya setifiketi ija yatha", masekondi asanu, tapitirira.

Pali kutseka kwina komwe anthu amaiwala. Nthawi zina buloka siikonzedwa, mumangoizemba, kapena mwini pulodakiti amati ntchitoyo isiyeni kaye. Imeneyonso itsekeni, koma mulembe zoona, kuti tazemba pogwiritsa ntchito chakuti, kapena khadi labwerera m'mbuyo. Mukazemba, tsegulani khadi lina la kukonza kwenikweni, apo ayi kanjira kachidule kaja kakhala komweko zaka.

Za mphindi 40 zanuzo, ndikukayikira kuti mumazungulira munthu mmodzimmodzi ndi mafunso atatu aja, dzulo ndinatani, lero nditani, chikunditchinga n'chiyani. Mwanjira imeneyo buloka imabwera kumapeto kwa lipoti la munthu aliyense, anthu atatopa kale kumvetsera. Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland, alembi a buku lija, anawachotsa mafunso amenewa mu Scrum Guide ya 2020, mphindi 15 zokha ndi zomwe zinatsala, kayendetsedwe kake timu imasankha yokha. Ife timayenda ndi bolodi: makhadi a fulagi poyamba, kuyambira lomwe lakhalitsa, kenako omwe ali pafupi kutha. Khadi la fulagi lililonse timafunsa chasintha n'chiyani, ikwere kapena ayi, tionenso nthawi yanji. Zokambirana zazitali zimadikira mphindi ya 16, ndipo amatsala okhawo omwe zikuwakhudza.

Chinanso, anthu anu asamasunge buloka mpaka m'mawa. Munthu akabulokedwa 10 koloko, sitandapu itangotha, aike fulagi nthawi yomweyo ndi kuuza timu, apo ayi mwataya tsiku lathunthu musanayambe n'komwe kuwerenga. Ndipo mizere yotsekera ija musaitaye. Ife titaiwerenga pa retulo, msonkhano wounika mmene sipulinti yayendera, tinaona kuti setifiketi yomweyo idzathanso tsiku lina, ndiye tinapempha a maseva aike chenjezo lofika kwa iwo ndi kwa ife kutatsala masiku 30.