Ejenti akufuna lendi ya miyezi itatu, nyumba ndangoiona pa zithunzi

*Aphungu, kuntchito andisamutsira ku Lilongwe. Pa Facebook ndaona nyumba ya zipinda zitatu ku Area 49, lendi K300,000 pamwezi. Ejenti akuti nditumize ya miyezi itatu lero lomwe chifukwa ena akuifunanso. Zithunzi zisanu zimene wandipatsa ndakutumizirani. Nditumize ndalamazo? — Mayi wa ku Mzuzu*

Mayi, K900,000 yanuyo igwireni kaye. Zithunzi zanu ndazikuza chimodzichimodzi pa foni, ndipo zonsezi si za nyumba imodzi.

Tiyambire kukhitchini. Yang'anani soketi imene ili pamwamba pa kabati. Ili ndi mabowo atatu ozungulira, aakuluakulu. Masoketi athu kuno amakhala ndi mabowo atatu amakona anayi, ngati a ku Britain, pomwe ozungulirawo ndi a ku South Africa. Pachokha ichi si umboni, pajatu alipo obwera ku Joni amene amaika masoketi a kumeneko m'nyumba zawo, koma chinandikayikitsa mpaka ndinakachifufuza chithunzicho.

Kufufuzako mungathe nanunso, sikulira ndalama kupatula bandulo. Sungani chithunzicho mufoni, tsegulani Google, dinani kachizindikiro ka kamera kotchedwa Google Lens, musankhe chithunzicho. Zofanana nacho zibwera zambirimbiri, koma inu pitani pamene palembedwa "Exact matches", chifukwa apo ndi pamene pamaoneka chithunzi chomwecho pa masamba ena. Khitchini yanuyi ndaipeza pa tsamba logulitsa nyumba ku South Africa. Poyamba sinatuluke. Wakubayo anaitembenuza, chakumanja chinapita kumanzere, n'kudula m'munsi momwe munali dzina la kampani. Nditaitembenuzanso ine mufoni n'kufufuza kachiwiri, inangoti pompo. Ndiye mukalephera koyamba, tembenuzani chithunzicho, kapena dulani kachigawo kamodzi monga kabati yokha mufufuze kameneko. Yesaninso pa tineye.com, pomwe mukasankha "Oldest" mumaona pamene iwo anayamba kuchipeza.

Chithunzi cha panja n'chimene chinandidyera nthawi. Google sinachipeze paliponse, ndipo ambiri apa ndi pamene amakhazika mtima pansi n'kutumiza ndalama. Komatu chithunzi chopangidwa ndi kompyuta, ichi akuti AI, chimakhala chatsopano, palibe kwina kumene chinaikidwapo, ndiye mungachipeze kuti? Chotere chimagwidwa ndi maso. Kuzani pa windo lakumanzere muone zitsulo zotchingira akuba: ziwiri zathera m'malere osafika pa felemu. Mthunzi wa mtengo wa mango wagwera uku, wa thanki la madzi wagwera uko, ngati kuli madzuwa awiri. Nambala ya pageti si nambala, ndi timizere tongokhotakhota.

Zolakwika zoterezi zikucheperachepera chifukwa mapulogalamuwa akunka nachenjera, choncho ine ndimadalira kwambiri kuyerekeza zithunzi. Panja pakuoneka kuti pabalaza pali mawindo awiri ang'onoang'ono, koma chithunzi cha m'kati chikuonetsa chitseko chachikulu chagalasi pa khoma lomwelo. Matailosi a pabalaza ndi oyera, pomwe amene akuonekera pakhomo la kuchipinda, malo omwewo, ndi ofiirira. Kompyuta imatha kukongoletsa chipinda chimodzi, koma kumanga nyumba yogwirizana kuyambira pageti mpaka kubafa kumaivutabe.

Ena amati funsani tsiku ndi malo amene chithunzi chinajambulidwa. Musatayepo nthawi, Facebook ndi WhatsApp zimafufuta zimenezo chithunzi chikamatumizidwa.

Pali msampha wina umene kufufuza konseku sikungaugwire. Munthu atha kutenga zithunzi zenizeni za nyumba yeniyeni ya ku Area 49, kwa landilodi amene anaitsatsa mwezi watha, iye n'kungoikapo nambala yake. Chithunzi choona chimangokuuzani kuti nyumba ilipo, osati kuti wokulankhulaniyo ali ndi makiyi.

Ndiye kwa ejenti wina aliyense amene mudzamupeze, mudzamuimbire pa vidiyo ali pamalopo. Ayambire pamsewu, atsegule geti inu mukuona, akuonetseni mita ya ESCOM, atsegule mpopi wa kukhitchini. Vidiyo yojambuliratu musailole, nayonso imabedwa. Akati bandulo yatha, mugulireni, muone ngati sapeza chifukwa china. Kenako tumani m'bale kapena mnzanu wa kuntchito kwatsopanoko akalowe m'nyumbamo, akafunse oyandikana nawo kuti mwini wake ndani. Ndalama zipite kwa landilodiyo mutasainirana pangano, ndipo dzina limene lituluke pa foni potumiza likhale lomwelo lili pa pepalalo.

Uyu wa leroyu musamuyankhenso. Jambulani tsamba lake, nambala yake ndi zonse mwalemberana asanazifufute, dinani "Report" pa positiyo, ndipo zojambulazo mukazisiye kupolisi.