Mayeso a mafulakishoni akusemphana ndi zomwe mudaphunzitsa

"Ndaphunzitsa mafulakishoni Sitandade 5 kuno ku Mchinji, ana amatsatira bwino, koma mayeso alephera. Chalakwika n'chiyani?"

Aphunzitsi, onaninso mneni amene ali m'cholinga chanu. Ngati mudalemba kuti ophunzira athe "kuzindikira" theka ndi kota, iwo n'kumapinda mapepala ndi kudula nzimbe m'magulu, funso la mayeso liwapatse chojambula kuti adetse 1/4 yake. Koma mukawafunsa 1/2 + 1/4, mwayesa kuphatikiza, ntchito imene manja awo sadaigwirepo, chifukwa imafuna kuti ayambe asandutsa 1/2 kukhala 2/4.

Yang'anani m'makope mwawo. Ambiri akalemba 2/6, ndiye kuti aphatikiza manambala apamwamba paokha, apansi paokhanso, ndipo sitepe imeneyo simudaiphunzitse. Musanalembe mayeso, pambali pa funso lililonse lembani ntchito ya m'kalasi imene idawakonzekeretsa. Funso losowa ntchito yake lidikire sabata yamawa.