Mlendo watinyoza pa Google, bambo akuti timubwezere

Alangizi, ndinamaliza dipuloma ya zosamalira alendo chaka chatha, ndipo pano ndikuthandiza pa nyumba yogona alendo ya bambo anga ku Senga Bay, ya zipinda 8. Sabata yatha mlendo wina watipatsa nyenyezi imodzi pa Google. Walemba kuti madzi otentha kunalibe, chakudya cham'mawa chinachedwa ndi ola lathunthu, komanso kuti ndife akuba chifukwa tinakana kumubwezera ndalama. Bambo akuti ndiyankhe kuti ndi wabodza, ndiulule zoti anabwera ataledzera, kenako ndiuze anzanga alembe zotiyamikira. Akuti sukulu yanga ndi yachabe ngati sindingathe kufufuta zimenezi. Tulo sindikupeza, mwina ntchitoyi ndingoisiya. Nditani?

Wodandaula, Salima

Mwana wanga, makalata otere ndimalandira kawirikawiri kuchokera kwa achinyamata amene angoyamba kumene ntchito yolandira alendo, ndipo pafupifupi onse amakhala ndi kholo kapena bwana kumbuyo kwawo akukalipa kuti "fufuta". Ndikuuziretu: ndemanga imeneyi sichoka. Google imachotsa ndemanga yophwanya malamulo ake, monga yotukwana, yoopseza, kapena yolembedwa ndi munthu amene sanafikeko n'komwe. Ya mlendo amene anagonadi kwanu n'kukhumudwa imakhala pomwepo, kaya yakuwawani chotani. Palibe sukulu imene imaphunzitsa kuifufuta, choncho bambo asakuyese ndi mayeso amene palibe angakhoze.

Ndipo inu bambo, ngati mukuwerenga, mwanayu munamulipirira fizi kuti adziwe zimene inu simudziwa. Lero wabwera nazo, mukufuna mumusandutse kalaliki wolemba mkwiyo wanu. Zoti mlendo analedzera kapena anabwera ndi ndani ndi chinsinsi cha mlendo. Mukachiulula pagulu, aliyense wowerenga amva chinthu chimodzi chokha: pamalo pano ukadandaula amakuyalutsa. Za anzake olemba zoyamikira nazo zisiyeni. Google imaletsa ndemanga zabodza ndipo ikazizindikira imazichotsa, komanso ndemanga zisanu zobwera tsiku limodzi, zonse zongoti "malo abwino zedi", ngakhale mwana amaziona kuti n'zophika.

Tsopano iwe. Yankho limene ulembe si la mlendo uja kwenikweni. Iye wapita, mwina sadzabweranso. Ukulembera banja limene lili ku Lilongwe usiku uno likufufuza pafoni kogona kunyanja Loweruka likudzali. Anthu amenewa amadziwa kuti magetsi amazima komanso giza amawonongeka. Chimene akufuna kuona ndi khalidwe lanu zinthu zikalakwika.

Usanalembe kalikonse, fufuza kaye. Tsegula buku lolembamo alendo uone tsiku ndi chipinda. Funsa wophika ndi mlonda aliyense payekha, usawafunse pamaso pa bambo, chifukwa pamenepo aliyense amangodziteteza. Kenako gawa madandaulowo pawiri: zoona ndi zosaona. Tiyerekeze kuti wapeza kuti magetsi anazima usiku, giza anazizira, ndipo wophika anachedwa chifukwa anayamba wakoleza makala. Ndiye kuti ziwiri zoyambazo mlendo sananame. Tiyerekezenso kuti ndalama munakana kubweza chifukwa anadandaula potuluka, atagona kale usiku wonse. Pamenepo mawu oti akuba ndi aukali chabe, koma ali ndi gwero lake: munthu analipira mtengo wonse n'kusamba madzi ozizira.

Gona tsiku limodzi kuti mtima utsike, koma yankho lisachedwe kupitirira sabata. Uyankhe kudzera pa akaunti ya bizinesi, Google Business Profile, kuti yankho lioneke kuti ndi la eni malo, osati pa akaunti yako ngati mlendo wina. Ngati analemba m'Chingerezi, yankha m'Chingerezi chosavuta. Mfundo zake zikhale ngati izi:

"Zikomo potiuza za ulendo wanu. Mwanena zoona kuti m'mawa umenewo munalibe madzi otentha m'chipinda chanu ndipo chakudya chinachedwa. Magetsi anazima usiku, ndipo tinalakwa posakudziwitsani msanga ndi kukubweretserani madzi ofunditsa pamoto. Pepani kwambiri. Tsopano magetsi akazima timapereka madzi otentha m'zipinda isanakwane 6 koloko m'mawa, ndipo kukhitchini kuli mbaula ya gasi. Za ndalama, sitinabweze chifukwa munali mutagona kale, koma tikumvetsa kuti simunalandire zonse zimene munalipirira. Tiimbireni pa nambala ya ofesi, tikambirane. Ndine woyang'anira alendo."

Taona kuti mawu oti akuba sindinawabwereze. Ukalemba kuti "ife si akuba", wawalembanso kachiwiri pansi pa dzina la malo anu, ndipo ndi amene wowerenga atsale nawo m'mutu. Ingonena zimene zinachitika, iye aweruze yekha. Taonanso kuti kuzima kwa magetsi usiku uja ndakutchula kamodzi kokha, kenako mlandu ndaubweza pakhomo panu. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Amalemba ndime yonse yodandaula za magetsi ndi kukwera mtengo kwa mafuta a jenereta, ngati mlendo anabwera kudzamva mavuto awo. Kuzima kwa magetsi si vuto lanu, koma kumusiya mlendo osamuuza kanthu mpaka akatsegule yekha mpopi ndi vuto lanu. Kupepesa kwa "pepani ngati munakhumudwa" nakonso kusiye. Kakuti "ngati" kameneko kamamveka ngati ukukayika kuti munthuyo anavutikadi.

Chenjezo lalikulu ndi ili: usalembe kuti mwakonza chinthu chimene simunakonze. Ngati mbaula ya gasi kulibe, chotsa chiganizo chimenecho, kapena uwauze bambo agule kaye. Mlendo wotsatira akadzasamba madzi ozizira atawerenga lonjezo lako, ndemanga yake idzaposa iyi kuwawa. Kubweza ndalama kapena kumupatsa usiku waulere muzikambirana pafoni, osati pagulu, ndipo musamuuze kuti mumubwezera pokhapokha afufute zimene analemba. Akayankhanso mwaukali, mulekeni. Mwayankha kamodzi, basi.

Bambo akamati bizinesi yafa, akhazike pansi muwerengere limodzi. Tinene kuti munali ndi ndemanga 12 zimene pakatikati pake panali nyenyezi 4.5. Zonse pamodzi ndi 54. Kuwonjezera imodzi ija zikhala 55, kugawa ndi 13, mwatsikira pa 4.2. Kuti mubwerere pa 4.5 pakufunika alendo 7 okupatsani nyenyezi zisanu, chifukwa 90 kugawa ndi 20 ndi 4.5. Pa malo a zipinda 8 zimenezi n'zotheka, bola muzipempha alendo enieni. Pomupatsa lisiti mlendo amene waoneka wokhutira, muuze mwaulemu kuti akalembeko mawu pa Google, ndipo usamulonjeze mphatso. Ngati muli pa Booking.com, kumeneko amalemba ndi okhawo amene anasungitsa malo kudzera pomwepo, ndipo amapereka malikisi mpaka 10, koma kayankhidwe kake n'komweka.

Zosiya ntchitozo sindikugwirizana nazo, ndipo zandikwiyitsa pang'ono. Wathera zaka pa maphunzirowa kuti uthawe ndemanga imodzi? Ku hotela yaikulu ya ku Mangochi kapena ku Blantyre madandaulo otere amabwera sabata ndi sabata, ndipo pofunsa ntchito ya polandirira alendo funso loti unatani mlendo atakwiya silikusowa. Jambula ndemangayo pamodzi ndi yankho lako, ulembenso zimene munasintha pambuyo pake, uzisunge mufayilo imodzi ndi dipuloma yako. Kalata yako waifotokoza mwadongosolo, wopanda kutukwana mlendo ngakhale kamodzi, choncho yankholi ulitha. Ukalilemba, uwawerengere bambo mokweza usanalitumize, koma za kuledzerazo akakakamira, uwauze kuti alangizi akana.