Mfundo zoyambira ndi zotsekera UAT: peresenti yokha siikwanira

"Akuluakulu, ndithandizeni. Mwezi wamawa tikuyamba UAT, mayeso amene eni ntchito amachita asanavomereze sisitimu, pa sisitimu yatsopano ya malipiro a antchito, ndipo oyesa ndi anzathu a ku akaunti ndi a ku ofesi yoona za antchito. Abwana akuti tilembe kuti tidzatseka UAT 95 peresenti ya mayeso ikadutsa. Kodi zimenezi n'zokwanira? Nanga tisanayambe pazikhala chiyani?"

Achemwali, n'zosakwanira ayi, ndipo ndikupemphani kuti chiganizo chimenecho chisalowe chokha m'pulani yanu. Tiyerekeze kuti mwakonza mayeso 120. Mwa amenewa, 114 adutsa, 6 alephera. Peresenti ija yakwana ndendende. Koma bwanji ngati amodzi mwa olepherawo ndi owerengetsa msonkho wa munthu amene wagwira ovataimu, ena ndi otulutsa fayilo yopita ku banki? Papepala mwakhoza, pamene mwezi ukatha anthu salandira malipiro. Peresenti imawerenga mayeso onse ngati ofanana kulemera, chonsecho mayeso a mtundu wa batani ndi mayeso a msonkho si amodzi.

Palinso njira ina imene nambalayi imanamizira, ndipo iyi imachitika popanda aliyense kufuna kunama. Mayeso 20 ali pa Blocked chifukwa kulumikizana ndi sisitimu ya penshoni sikunathe. Otsala 100 ayesedwa, 95 adutsa, lipoti n'kunena kuti 95 peresenti. Zoona zake n'zakuti 95 mwa 120 ndi pafupifupi 79 peresenti. Choncho lembani poyera kuti mukuwerengera pa mayeso onse amene munakonza, ndipo a Blocked ndi osadutsa.

Ine mfundo zotsekera ndimaziika pa kukula kwa mavuto otsala. Musanayambe, khalani pansi ndi a ku akaunti musankhe mayeso amene popanda iwo malipiro sangatuluke: kuwerengetsa malipiro, msonkho, zodula zonse, fayilo ya ku banki, ndi kuletsa munthu wosayenera kuona malipiro a anzake. Amenewo adutse onse, osasiyako. Peresenti ya abwana igwire ntchito pa otsalawo. Kenako lembani kuti pasatsale vuto la Critical kapena High lotseguka, ndipo lililonse la Medium likhale ndi njira yolambalala yolembedwa, dzina la woikonza, ndi tsiku.

Apa m'pamene pamabuka mkangano. Sabata yomaliza ikafika, madivelopa amati vutolo ndi la Medium, a ku akaunti amati ndi la High, ndipo manejala wa pulojekiti, poti tsiku lamuthina, amatsamira kwa madivelopa. Mankhwala ake ndi kutanthauzira mayinawa m'chilankhulo cha ntchito, panopa, mitima isanatenthe. Mwachitsanzo, Critical ndi pamene ndalama yalakwika kapena malipiro sangatuluke. High ndi pamene ntchito ingatheke koma mongokonza pamanja mwezi uliwonse. Medium ndi chosowetsa mtendere chimene sichikhudza ndalama. Ndipo wopereka chigamulo chomaliza akhale munthu mmodzi wa mbali ya bizinesi, wotchulidwa dzina, mwina mkulu wa za malipiro. Mukalemba kuti "a dipatimenti avomereza", tsiku losayina aliyense adzaloza mnzake.

Poti yanu ndi sisitimu ya malipiro, onjezani mfundo imene ndimaikhulupirira kuposa zonse: tengani mwezi umene munalipira kale, muuyendetsenso m'sisitimu yatsopano, n'kuyerekeza munthu ndi munthu. Tinene kuti antchito alipo 400. Malipiro a 388 afanana, a 12 asiyana. Mukafufuza mupeza kuti 9 asiyana pang'ono chabe chifukwa masisitimu awiriwa amadula manambala a pambuyo pa kadontho mosiyana. Atatu otsalawo anayamba ntchito pakati pa mwezi, ndipo sisitimu yakale inkagawa malipiro ndi masiku ogwira ntchito, pamene yatsopano ikugawa ndi masiku onse a pa kalendala. Taonani, palibe mayeso amene analephera apa, chifukwa sisitimu yachita zimene inauzidwa. Koma anthu atatu akanalandira ndalama yosiyana. Mfundo yotsekera ikhale yakuti kusiyana kulikonse kwafotokozedwa, ndipo mkulu wa za malipiro walemba kuti njira yolondola ndi iti.

Nkhani ya anthu atatuwa ikutiphunzitsanso kusiyanitsa vuto ndi pempho latsopano. Ngati zofunika zimene munagwirizana zinati masiku ogwira ntchito, ndi vuto, madivelopa akonze. Ngati sizinanene kalikonse, ndi pempho losintha, ndipo a bizinesi asankhe okha ngati likuimitsa kutsegula sisitimu kapena lidikire. Anthu akaona sisitimu koyamba maganizo amabwera ambiri, ndipo ambiri ndi abwino, koma mukawathira onse m'kaundula wa mavuto, UAT siidzatha.

Tsopano za poyambira. Cholinga chake n'kuteteza nthawi ya oyesa anu, chifukwa iwo si matesita, ali ndi ntchito zawo zikudikira pa desiki. Akabwera tsiku loyamba n'kupeza pasiwedi ikukana, tsiku lachiwiri sisitimu n'kugwa, tsiku lachitatu sabweranso ndi mtima wonse, ndipo kuwabweza n'kovuta. Ndiye funani lipoti lakuti matesita amaliza mayeso awo a sisitimu ndipo palibe Critical kapena High yotseguka. Mavuto ang'onoang'ono odziwika kale alembedwe, oyesa awaone, kuti asawalembenso kachiwiri. Vesheni imene ili pa seva yoyesera ilembedwe nambala yake ndipo isasinthidwe mwakachetechete. Zokonza zizilowa pa nthawi yogwirizana, apo ayi zimene zinadutsa Lolemba simungazikhulupirire Lachinayi.

Deta ndiyo imagwetsa ambiri. Antchito khumi ongopeka, onse olandira malipiro ofanana, sangakuonetseni kanthu. Pafunika wa ngongole ziwiri, wa pa tchuthi chosalipidwa, wosiya ntchito pakati pa mwezi, wokwezedwa pa udindo. Mukatenga deta yeniyeni, mayina ndi manambala a ku banki abisidwe, kapena oyesa akhale okhawo ololedwa kale kuona malipiro. Aliyense alowe ndi akaunti ya udindo wake, osati onse ndi ya woyang'anira sisitimu, chifukwa mukatero mavuto a zilolezo adzaonekera sisitimu itatsegulidwa kale.

Kutatsala tsiku limodzi, inuyo kapena tesita mmodzi ayende njira yaikulu kuyambira kulowa mpaka kutulutsa pepala la malipiro, ndi maakaunti omwewo a oyesa. Ikakanika, musayambe. Ndiponso mabwana a oyesawo avomereze maola enieni polemba, ndipo masikuwo asagwere pa sabata yotseka mabuku a mwezi, poti a ku akaunti simudzawaona.

Chomaliza chimene ambiri amaiwala ndi mfundo yoimitsira pakati. Gwirizanani kuti njira yaikulu ikatsekeka, kapena gawo lakutilakuti la mayeso likakhala pa Blocked, mwina limodzi mwa magawo asanu, mayeso aima, oyesa abwerere ku ntchito zawo, ndipo mudzayambiranso vesheni yokonzedwa ikadutsa njira yaikulu ija. Nanga tsiku likafika mfundo zisanakwane, abwana n'kunena kuti titsegulebe? N'zotheka, ndi ufulu wa eni bizinesi. Koma musasinthe mfundozo kuti zioneke ngati zakwana. Lembani mavuto otsala, zimene angabweretse pa malipiro oyamba, ndi njira yolambalala, kenako amene wasankha kutsegulayo asayine pansi pake.