Kalata imodzi kwa onse, koma isasiye mpata

"Mayi, ndikufuna kuyamba kuoda katundu kunja. Ndafunsa mitengo kwa ogulitsa anayi koma mayankho awo sakugwirana, wina walemba pa katoni, wina pa kontena. Inu mumatani kuti mudziwe wotchipa weniweni?"

Achimwene, wogulitsa amayankha zimene mwamufunsa, ndipo pamene simunafunse amadzazapo zomukomera iyeyo. Ine ndimalemba kalata imodzi, ndimaitumiza kwa onse tsiku limodzi, osasintha ngakhale liwu. Koma kufanana kokha sikukupulumutsani. Kalata ikakhala ndi mpata, onse anayi alowera pa mpata womwewo, aliyense m'njira yake.

Zimenezi ndinazionera pa matailosi. Kontilakitala wina ankamanga maholo ndipo anandipatsa oda ya masikweya mita 1,000, saizi ya 60 x 60, dipoziti atalipira kale. Tailosi imodzi ya saizi imeneyo imaphimba sikweya mita 0.36, ndipo mafakitale ambiri amaika anayi m'katoni, kutanthauza 1.44. Aliyense wa bizinesi imeneyi amadziwa zimenezo ali m'tulo. Ndinafunsa makatoni 700, omwe amakwana masikweya mita 1,008. Onse anayankha pa katoni. Mmodzi anatsika kwambiri: pamene anzake ankati 100, iye ankati 85. Ankayankha msanga, zithunzi zokongola, ulemu wosaneneka. Ndinaoda kwa iyeyo.

M'makatoni ake munali matailosi atatu. Sanalembe paliponse, pa kotesheni ngakhale pa invoyisi. Makatoni 700 a atatuatatu ndi masikweya mita 756 okha, ndiye kuti 252 anasowa, gawo limodzi mwa magawo anayi a oda yonse. Mukawerengera pa sikweya mita, munthu uja anali wodula kuposa anzake ndi pafupifupi 13 peresenti. Nditamuimbira anandiyankha modekha kuti ndinafunsa makatoni ndipo makatoni ndalandira. Mpaka lero ndikakumbuka mawu amenewo mtima umandiwawa.

Ndiye pa boda. Ofisala wa kasitomu anaona mtengo wa katoni uli pansi poyerekeza ndi umene iwo amaudziwa, basi anagamula kuti ndachepetsa invoyisi kuti ndizembe msonkho. Apa n'kuti ejenti wanga atatsegula kale katoni imodzi n'kundiuza za atatu aja. Ndinawachonderera kuti, bwana, tsegulani nokha muwerenge, muli atatu, n'chifukwa chake mtengo uli wotero. Anakana kudzuka pampando. Anakweza mtengo wowerengera msonkho ngati kuti katoni iliyonse ili ndi anayi, ndipo ndinalipira msonkho wa matailosi amene sindinawalandire. Pamene tinkakangana katundu anali wogwidwa, ndalama yosungira ikukwera tsiku ndi tsiku, mwini thiraki nayenso akuwerengera masiku amene galimoto yake yaima. Munthu amene amalandira malipiro pa mwezi sadziwa kuti tsiku limodzi limadya zingati. Amapita kukadya nkhomaliro mapepala ako ali pa tebulo, iwe utaima panja ndi ngongole.

Zoopsa zinali zisanathe. Ndinaoda ena kuti ndikwaniritse, koma anachokera mu uvuni wina. Matailosi amasiyana maonekedwe malinga ndi ulendo umene anawotchedwa, n'chifukwa chake pa katoni amadindapo nambala ya mtunduwo. Titawayala pansi moyandikana, akale anali otuwa, atsopano opita ku chikasu pang'ono, mzere wake ukuoneka ngakhale uli pakhomo. Kontilakitala anakana, ndipo ankanena zoona. Ndinagulitsa galimoto kuti ndimubwezere. Ambiri amene tinayamba nawo akanatseka pomwepo, koma ine sindinathawe ngongole ya munthu, ndipo kontilakitala yemweyo amaodabe kwa ine.

Tibwerere ku kalata ija. Masiku ano muyezo ndimasankha ndine. Ndimalemba kuti mtengo ukhale pa sikweya mita, kenako andiuze matailosi angati m'katoni, katoni ikulemera makilogalamu angati, ndipo tailosi ndi yokhuthala mamilimita angati. Kulemerako musakuderere, chifukwa kontena ya matailosi imafika pa malire a kulemera malo akadalipo, ndiye amene akukuuzani mtengo wa kontena osanena masikweya mita sanakuuzeni kanthu. Ndimalembanso kuti onse akhale a giredi yoyamba ndiponso a nambala imodzi ya mtundu. Katundu wina aliyense ali ndi muyezo wake woona, kaya ndi kilogalamu, mita kapena lita. Katoni, belo ndi mpukutu si miyezo.

Chachiwiri ndi pamene mtengowo ukuthera. Pali malamulo otchedwa Incoterms a bungwe la International Chamber of Commerce, ndipo atsopano ake ndi a 2020. Wolemba EXW akunena kuti katundu mukamutenge nokha pakhomo pa fakitale, zonyamula ndi mapepala otulutsira m'dzikolo ndi zanu. Wa FOB amakafikitsa katundu m'sitima pa doko lakwawo. Wa CIF walipiranso sitima ndi inshulansi mpaka doko lofikira. Mitengo itatu imeneyi simungaiike pa mzere umodzi, EXW idzaoneka yotchipa nthawi zonse. Sankhani imodzi, tchulani dzina la doko, ndipo onse ayankhe pa imeneyo, mu ndalama ya mtundu umodzi. Ine ndimakonda FOB chifukwa za sitima ndimakambirana ndekha, koma zimenezo n'za amene wazolowera.

Ndimawafunsanso HS code imene adzalembe, nambala yosonyeza gulu la katundu imene pa boda amagwiritsa ntchito powerengera msonkho. Matailosi adothi ali pa 6907, ndipo amagawidwa malinga ndi madzi amene amamwa: osapitirira 0.5 peresenti ali pa 6907.21. Ogulitsa awiri akakupatsani manambala osiyana pa chinthu chimene mukuti n'chimodzi, dziwani kuti wina akukugulitsani china, ndipo ofisala pa boda sadzakangana ndi iyeyo, adzakangana ndi inu.

Zina mukuzidziwa kale, dipoziti, masiku opangira katundu, tsiku limene mtengo udzathe mphamvu. Ikani tsiku lomaliza kuyankha, limodzi kwa onse, chifukwa mtengo wa lero ndi wa mwezi wamawa sizipikisana. Potumiza imelo musaike onse poonekera. Tumizani payekhapayekha kapena gwiritsani BCC, imene imabisa maadiresi a olandira, apo ayi adziwana, ndipo ena mwa iwo ndi madobadoba ogula pa fakitale imodzimodzi. Mmodzi akafunsa funso n'kukuchititsani kusintha china, tumizani kusinthako kwa onse. Ndipo musamaulule mtengo wa wina kwa mnzake musanalandire onse. Adzangotsika pang'ono pansi pake, chotsalacho n'kuchibweza pochepetsa kukhuthala kwa tailosi.

Amene wadumpha mzere wina wa m'kalata osauyankha ndimamubwezera kalatayo kamodzi kokha. Akadumphanso ndimamuchotsa, ngakhale atatchipa bwanji, chifukwa mzere umene akuuzemba ndi pamene pali phindu lake. Makotesheni a amene ndawakana sinditaya. Ndimawasindikiza onse n'kuyenda nawo pamodzi ndi umboni wa ku banki wa ndalama imene ndinatumiza, kuti ofisala akayamba zoti invoyisi ndi yochepetsa, ndimuyalire mapepala anayi a katundu mmodzimodzi, onse pa sikweya mita, awerenge yekha.