Zilembo zoyera zoonda pa giladiyenti: ndiumirire kapena ndimvere kasitomala?

"Ndimapanga maposita pa Canva. Ndakonzera gulu lina la kwaya posita ya konsati. Kumbuyo ndaika giladiyenti yoyamba ndi mtundu wa pepo pamwamba n'kuthera ndi olenji pansi, ndipo mawu onse ndi oyera a Montserrat Thin. Pa laputopu yanga ikukongola kwambiri, koma apampando a gululo akuti tsiku ndi nambala ya foni sizikuwerengeka pa foni yawo. Kodi ndi ukalamba wa maso awo kapena vuto ndi posita? Nanga ndingadziwe bwanji popanda kukangana nawo?"

Achemwali, apampandowo akunena zoona, ndipo nkhaniyi siyofunika mkangano chifukwa imayezeka ndi manambala. Posita yanuyo ili ndi mavuto awiri osiyana omwe akumana pamalo amodzi, pansi pomwe pali tsiku ndi nambala. Tiyambe ndi la giladiyenti popeza ndilo losavuta kuyeza.

Diso limawerenga chilembo chifukwa kuwala kwake kukusiyana ndi kuwala kwa chomwe chili kumbuyo kwake. Malamulo a WCAG, omwe okonza mawebusayiti amatsatira, amapereka nambala ya kusiyanaku. Mitundu iwiri yofanana ndendende imapereka 1:1, pomwe zakuda bii pa zoyera mbee zimapereka 21:1. Mawu wamba ayenera kufika 4.5:1, ndipo mawu akuluakulu, kuyambira mapikiseli 24 kapena pafupifupi 19 ngati ali onenepa, amaloledwa kutsika mpaka 3:1. Malamulowa anawalembera masikirini, koma posita yomwe izizungulira pa WhatsApp nayonso imawerengedwa pa sikirini, choncho muyezowu ukuikhudza.

Simunanditumizire makodi a mitundu yanu, ndiye nditenga iwiri yodziwika: pepo `#6A1B9A` ndi olenji `#FF9800`. Mawu oyera pa pepo ameneyu amapereka 9.4:1, zomwe ndi zabwino kwambiri. Pakati penipeni pa posita, pomwe mitundu iwiriyi yasakanikirana mofanana, nambala yatsika kale kufika 4.6:1, ikungopulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mukatsika magawo atatu mwa anayi a posita mupeza 3.1:1, ndipo pansi penipeni pa olenji ndi 2.2:1 basi. Ndiye kuti pafupifupi theka lonse lam'munsi la posita yanu silingalandire mawu oyera ang'onoang'ono, ngakhale mutasintha fonti. Mwina mungaganize zosintha mawuwo kukhala akuda. Akuda pa olenji amapereka 9.7:1, koma pa pepo amagwa mpaka 2.2:1. Giladiyenti yochoka ku mtundu wakuda kupita ku mtundu wowala ilibe mtundu umodzi wa mawu womwe ungagwire kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo uku ndiye kusiyana kwake kwakukulu ndi mtundu umodzi wosasintha.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Sungani positayo ngati chithunzi, kenako ndi kachida kotapira mtundu kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso, tapani mtundu wakumbuyo pamalo owala kwambiri omwe mzere wa mawu ukudutsapo. Osatapa pakati pa mzere kapena pomwe pakukusangalatsani, chifukwa mzere umawerengeka molingana ndi chilembo chake chofooka kwambiri. Nambala ya foni ikasowa manambala awiri omaliza ndiye kuti yasowa yonse. Kodi ya mtundu mwatapayo ilembeni pamodzi ndi `#FFFFFF`, kodi ya mtundu woyera, mu Contrast Checker ya pa webusayiti ya WebAIM, yomwe ndi yaulere, ndipo ikupatsani yankho nthawi yomweyo.

Vuto lachiwiri ndi lobisika, chifukwa chida choyezera chija sichimaliona. Chidacho chimangoyerekeza makodi awiri a mitundu, sichidziwa kuti chilembocho n'choonda bwanji. Mungapeze 9.4:1 pa pepo, mawu n'kukhalabe osawerengeka.

Chomwe chimachitika ndi ichi. Mafonti ali ndi manambala a kunenepa: Thin ndi 100, Light ndi 300, Regular ndi 400, Bold ndi 700. Pa fonti ya Thin, kamzere kojambula chilembo kamakhala kopyapyala kwambiri, tiyerekeze magawo 2 pa 100 a kukula kwa fontiyo. Tinene kuti posita yanu ndi ya mapikiseli 1080 m'lifupi ndipo tsiku mwalilemba ndi zilembo za mapikiseli 24. Foni ya apampando ikakhala ndi sikirini ya mapikiseli 720 m'lifupi, monga mafoni ambiri otsika mtengo, chithunzicho chimachepetsedwa ndipo zilembozo zimasanduka za mapikiseli 16. Kamzere kaja tsopano kakudzaza gawo limodzi lokha mwa atatu a pikiseli. Sikirini singayatse gawo la pikiseli, choncho imasakaniza: gawo limodzi loyera, magawo awiri a mtundu wakumbuyo. Chomwe diso likuona si choyeranso ayi, ndi pepo wotuwa pamwamba pa pepo wakuda, ndipo kusiyana kwenikweni kwatsika kuchoka pa 9.4:1 kufika cha m'ma 2.3:1. Apa tikukamba za pamwamba pa posita, pomwe zinthu zinali bwino. Pansi paja, pomwe tinayambira pa 2.2:1, palibe chotsala.

Onjezerani kuti WhatsApp imafinya zithunzi potumiza, pokhapokha mwatumiza ngati dokyumenti, ndipo anthu akamajambula sikirini n'kutumiziranso ena kufinyako kumabwerezedwa. Kufinya kwa JPEG kumataya tizinthu ting'onoting'ono poyamba, ndipo kumasiya timadontho tautsi m'mphepete mwa zilembo. Zoyamba kufa ndi zomwe zinali zazing'ono kale: kadontho ka pa i, kachizindikiro ka mu ng' ndi m', komanso timipata tosiyanitsa 3, 6 ndi 8. Inu simukuona vutoli chifukwa mukuyang'ana fayilo yoyambirira, pa sikirini yaikulu, mumthunzi, ndipo mawuwo mukuwadziwa kale. Munthu wodziwa kale zomwe zalembedwa sawerenga kwenikweni, amangokumbukira.

Musadzimve kuti mwachita zauchitsiru. Mu 2013 kampani ya Apple itaonetsa iOS 7 koyamba inagwiritsa ntchito Helvetica Neue yoonda kwambiri, anthu anadandaula, ndipo isanatulutsidwe kwa onse zilembo zambiri anazinenepetsa. Chonsechotu awo anali masikirini akuthwa kuposa a mafoni ambiri otsika mtengo omwe posita yanu ifikeko.

Tsono mungasankhe bwanji kuti sitayilo ikhale pati ndipo ichoke pati? Ine ndimagawa mawu a pa posita m'magulu awiri. Pali mawu omwe munthu akawaphonya sataya kanthu, monga kamutu kokometsera kapena vesi. Ndiye pali omwe akawawerenga molakwika ndiye kuti posita yalephera ntchito yake: tsiku, nthawi, malo, mtengo wolowera, nambala yotumizira ndalama. Gulu loyamba mungaseweretse mmene mukufunira. Gulu lachiwiri lisatsike pa Regular, makamaka likhale Medium kapena SemiBold ngati mawu ndi oyera pa mtundu wakuda, ndipo lifike 4.5:1 pamalo ake ofooka kwambiri. Pa posita ya 1080 m'lifupi ndingayambire pa mapikiseli 36 kupita m'mwamba.

Izi sizikutanthauza kuti Thin ndi yoletsedwa. Kumbukirani kuti vuto ndi kunenepa kwa kamzere poyerekeza ndi pikiseli. Mutu wa mapikiseli 150 pa fonti yomweyo uli ndi kamzere ka mapikiseli 3, komwe pa foni ija kamatsala 2, ndipo apo mtundu woyera ukuonekabe woyera. Dzina la kwaya pamwamba, pa pepo wakuda paja, lisiyeni mu Thin ngati mukulikonda choncho. Mafonti oonda anawapangira ntchito imeneyi, ya mitu ikuluikulu, ndipo amakongoladi akapatsidwa malo.

Giladiyenti nayonso ingakhale. Njira yachidule ndi kudetsa mbali yowalayo. Mukachotsa `#FF9800` n'kuikapo olenji wopsa ngati `#BF360C`, mawu oyera amapereka 5.6:1 pansi penipeni, kutanthauza kuti posita yonse yadutsa muyezo. Mtengo wake ndi wakuti kuwala kosangalatsa kwa olenji kuja kwachepa. Ngati kuwalako ndiko mtima wa dizayini yanu, kusiyeni, koma muike bokosi la mtundu umodzi pansi, kaya la pepo yemweyo wapamwamba, n'kulembamo tsiku, malo ndi nambala. Bokosilo likhale losaonekera mkati, kapena ngati mukufuna kuti lionekere pang'ono muyezenso, chifukwa mtundu womwe ukutuluka si umene munasankha. Njira ina ndi kukoka giladiyenti kuti olenji ayambe kuoneka pakona pomwe palibe mawu. Chomwe sindingakulangizeni ndi kuika mthunzi kumbuyo kwa zilembo zoonda. Mthunzi wofewa umangodetsa malo ozungulira chilembo osachinenepetsa, ndipo chithunzi chikafinyidwa mthunziwo ndi kamzere kaja zimasungunukira limodzi.

Ngati positayi isindikizidwanso papepala, pali china choyenera kudziwa. Makina wamba sasindikiza inki yoyera. Chilembo choyera ndi malo apepala omwe asiyidwa opanda inki, ozunguliridwa ndi timadontho ta inki zingapo zomwe zikupanga pepo kapena olenji. Inki zikangosemphana pang'ono, kapena zikafalikira pa pepala losasalala, kampata koondako kamatsekeka. Pa giladiyenti pamabweranso mizere yooneka ngati masitepe mmalo mosintha mosalala, makamaka pa posita yaikulu. Ndipo ena a m'gululo akaifotokopa ya zakuda ndi zoyera, olenji amasanduka wotuwa pang'ono, mawu oyera n'kuzimiririkamo. Pemphani osindikiza akutulutsireni pepala limodzi loyesera musanalipire zonse.

Musanatumizenso kwa apampando, chitani mayeso awa omwe satenga mphindi khumi. Dzitumizireni positayo pa WhatsApp mwa njira wamba, muitsegule pa foni yotsika mtengo kwambiri yomwe ili pafupi, osaikulitsa ndi zala. Tulukani nayo panja masana. Mupatse munthu yemwe sakudziwa za konsatiyo, makamaka wa zaka zoposa 45 chifukwa pamsinkhu umenewu maso ambiri amayamba kuvutika ndi zilembo zapafupi, ndipo musamufunse ngati ikukongola. Muuzeni akuwerengereni tsiku ndi nambala mokweza inu mukufananitsa ndi zomwe munalemba. Akazengereza, akasendeza foni kufupi ndi nkhope kapena akasemphanitsa nambala imodzi, mzere umenewo ukwezeni sitepe imodzi ya kunenepa ndipo muyezenso mtundu womwe uli kumbuyo kwake. Pomaliza sinthani chithunzicho kukhala cha zakuda ndi zoyera: mawu aliwonse omwe azimiririka pamenepo anali kudalira mtundu wokha, ndipo adzazimiririkanso pa fotokope ndi padzuwa.